Ndilembe chiyani pansi pa vidiyo ya kasitomala amene ndamuluka?

Thoko: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo. Ndajambula kavidiyo ka masekondi 15 ka kasitomala amene ndamuluka dzulo. Masekondi 4 oyamba akuoneka atangofika, tsitsi lili losapesa, pakati pakuoneka manja anga ndikuluka, kumapeto akutembenuka mutu wonse utatha. Ndi notilesi, zoluka zija zopanda mfundo pamizu, zosakula zosachepa, zofika pakati pa msana. Vidiyo yatuluka bwino zedi, koma mawu oti ndilembe pansi pake akundikanika. Panopa ndalemba kuti: "Anabwera ngati wagwa mumtengo, wabwerera ali mfumukazi 🔥 Bwerani tikukonzeni!" Ndisanaike pa TikTok ndi pa Instagram ndati ndimve kaye kwa inu.

Esnart: Ine ndaikonda. Anthu amafuna kuseka, akaseka amatumizira anzawo. Ponyani basi, musachedwe.

Tiyamike: Asisi, ine sindiluka, ndine wolukidwa, ndiye ndiyankhule ngati munthu amene amakhala pampandopo. Mwiniwake mwamuonetsa mawuwo? Zinandichitikira ine pa saluni ina. Ndinapita nditangomasula zakale, tsitsi lili nyankhalala monga limakhalira la wina aliyense akamasula. Ndinaona akujambula, ndimayesa akufuna kundionetsa kunkhongo. Madzulo mnzanga wa kuntchito akunditumizira vidiyo, pansi atalemba kuti andipulumutsa ku manyazi. Analuka bwino, sindinama, koma sindinabwererenso. Ndipo aliyense wondifunsa kuti munalukitsa kuti, ndinkangoti ndaiwala.

Thoko: Pepani asisi, zimenezo n'zowawa. Wanga ndinamupempha ndisanajambule, anavomera. Koma mawuwo sanawaone.

Tiyamike: Kuvomera kujambulidwa n'kwina, kuvomera kutchedwa wogwa mumtengo n'kwina. Mutumizireni vidiyoyo pamodzi ndi mawu ake, ayankhe yekha pa foni kuti ikani. Yankho lakelo musalifufute.

Mphatso: Alongo, ngati vuto ndi mawu, tsegulani CapCut, pali pamene alemba Auto captions. Imakulemberani yokha zonse zimene mukuyankhula mu vidiyo. Ine za kumeta ndimapanga choncho.

Chikondi: Achimwene, amenewo ndi mawu oyenda pa chithunzi pomwe munthu akuyankhula. A Thoko akufunsa za mawu a pansi, amene umalemba pomwe ukuika vidiyo. Komanso mu vidiyo yawo mulibe woyankhula.

Mphatso: Oho, ndamva tsopano. Pitirizani, ndikuphunzira nawo.

Nachisale: Thoko mwana wanga, ndaiona vidiyo imene wanditumizira kumbali. Manja uli nawo, mizere yako yawongoka ndipo timabokosi tafanana kuyambira kunkhongo mpaka pamwamba. Tsono ndikufunse. Munthu akaonera vidiyo imeneyi, chimene waona kale ndi maso n'chiyani? Waona kuti tsitsi linali losapesa, waona kuti tsopano lakongola. Mawu ako akungomuuza zomwe waona kalezo, n'kuwonjezerapo chipongwe. Pomwe iye mumtima ali ndi mafunso ena amene vidiyo singamuyankhe. Akufuna kudziwa dzina la malukidwewo kuti akabwera adzatchule. Akufuna kudziwa kuti adzakhala pampando maola angati, chifukwa ali ndi ana ndi ntchito. Akufuna kudziwa ngati lakenso, lalifupi chonchija, lingagwire. Ndipo chachikulu, akufuna kudziwa ngati adzagone usiku woyamba kapena adzachezera mutu ukuwawa. Mawu a pansi ntchito yake ndi imeneyo, kunena zimene diso silingaone.

Ndiye za kunyoza tsitsi la poyamba, a Tiyamike anena zoona, ndipo pali chinanso. Amene ukufuna kuti abwere mawa, tsitsi lake pakali pano likuoneka ndendende ngati la m'masekondi 4 oyambawo. Ukanyoza limenelo wanyoza iyeyo. Komanso tsitsi lachilengedwe losapesa silinawonongeke, langokhala lisanakonzedwe.

Esnart: Mayi, koma zimenezo zikhala ngati chikalata. Anthu sawerenga, amangoseweretsa chala kupita ku vidiyo ina.

Chikondi: Apa a Esnart ali ndi mfundo pang'ono. Ine ndimayendetsa tsamba la saluni ya achemwali anga. Pa TikTok ndi pa Reels, timavidiyo ta pa Instagram tija, mawu a pansi saoneka onse. Umaona mzere umodzi kapena iwiri, kenako pamabwera `more` poti munthu adine. Pa Instagram ukamayenda pa zithunzi wamba amadula pafupifupi pa zilembo 125, pa Reels amadula msanga kuposa pamenepo. Ambiri sadina. Ndiye nkhani si kulemba zochepa ayi, koma kuti chofunika kwambiri chikhale kumayambiriro. Mukayamba ndi moni, dzina la saluni ndi timitima, malo atha musananene kanthu. Dzina la saluni likuoneka kale pamwamba pa mawuwo, musalibwerezenso.

Thoko: Chabwino. Ndiye mzere woyamba ukhale chiyani? Dzina la sitayelo?

Nachisale: Tisathamange. Tandiuza kaye za mutu umenewu. Tsitsi lake linali lalitali bwanji utalikoka? Unatha maola angati? Unali wekha? Ndipo pamphumi paja ndaona ngati tsitsi n'lopyapyala, unapanga bwanji?

Thoko: Mwaona bwino mayi. Atafika limaoneka lalifupi kwambiri, ngati masentimita 4, chifukwa linali litakhwinyata. Nditachapa n'kuliwongola ndi dilaya, pamwamba linafika masentimita 10 kapena kuposa pang'ono. M'mbali ndi pamphumi ndiye linali lochepa, akuti kumene analukitsa komaliza anamukoka kwambiri mpaka zingwe zina zinagwa ndi tsitsi lomwe. Ndiye ine titsitsi tating'ono ta kutsogolo sindinatigwire, mzere woyamba ndinauyambira kumbuyo pang'ono, mpata wa chala chimodzi. Timabokosi ta mzere umenewo sindinatichepetse, koma meshi ndinaikamo yochepa kuti chingwe chisalemere. Ndinali ndekha, maola 6 kuphatikiza kuchapa. Meshi mapaketi 4. Kumapeto ndinaviika nsonga m'madzi otentha.

Nachisale: Waona tsono? Zimene wandiuzazi ndiye mawu ako a pansi. Wazibisa zonsezi n'kulemba za mtengo ndi mfumukazi. Mkazi amene tsitsi lake la pamphumi linathothoka akawerenga kuti woluka uyu amasiya titsitsi ta kutsogolo, ameneyo akufuna nambala yako lero lomwe. Ndi ambiri otero, amangobisa ndi duku ndi mawigi.

Pa za kutalika, lemba kwa tsitsi lowongoledwa, ndipo unene kuti ndi lowongoledwa. Tsitsi lathu likanyowa n'kuuma lokha limakhwinyata, lina mpaka kuposa theka. Ukalemba kuti linali masentimita 4, adzabwera wina amene lake likakokedwa ndiye limafika 4, adzati munanena kuti zimatheka. Notilesi imayamba ndi tsitsi la mwini, umaluka kawiri katatu kaye usanayambe kulowetsa meshi pang'onopang'ono, ndiye pamafunika pogwira. Likachepa kwambiri zingwe zimapulumuka m'masiku ochepa, kapena woluka amakakamizika kukoka kuti zigwire, zomwe ndi zoipa kuposa.

Thoko: Ndayesa kulembanso:

"Notilesi zapakatikati zofika pamsana, maola 6. Sizipweteka ngakhale pang'ono ndipo zimameretsa tsitsi la pamphumi! Meshi mapaketi 4. Zimakhala miyezi 3."

Nachisale: Chiyambi chili bwino. Koma pali malonjezo atatu amene adzakutembenukira.

Loyamba, kumeretsa. Kuluka sikumeretsa tsitsi. Tsitsi limamera lokha kuchokera mkati mwa khungu, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kaya waluka kaya sunaluke. Chimene kuluka bwino kumachita n'kuliteteza kuti lisaduke ndi chipeso tsiku ndi tsiku, ndiye pomasula munthu amaona ngati lakula msanga. Za pamphumi ndiye usalonjeze n'komwe. Tsitsi lothothoka chifukwa chokokedwa limabwerera ngati kukokako kwasiyidwa msanga. Koma likakokedwa zaka ndi zaka, timabowo tomwe limamera timafa, khungu limakhala losalala ndi lonyezimira, ndipo palibe mafuta kapena malukidwe angalibweze. Iwe sungadziwe kuti wowerenga ali pati. Nena zimene unachita ndi manja ako, osati zimene khungu lake lidzachite.

Lachiwiri, miyezi 3. Madokotala a khungu amalangiza kuti zoluka zisapitirire masabata 6 mpaka 8. Ndipo notilesi imachita msanga kuyoyoka pamizu kuposa ya mfundo, chifukwa poyambira pali tsitsi la mwini lokha. Pa tsitsi lalifupi ngati ili, pofika sabata yachinayi titsitsi tidzakhala titatuluka m'zingwe. Likamera, chingwe chimayamba kulendewera pa titsitsi tochepa, n'kumapotokola, ndipo m'pamene limaduka. Pa mutu uwu ine ndingalembe masabata 4 mpaka 6.

Lachitatu, kusapweteka ngakhale pang'ono. Mitu imasiyana. Wina khungu lake silichedwa kumva, angomugawa mzere ndi chipeso walira kale. Wina meshi imamuyabwa. Ukalemba kuti sizipweteka, wina akamva kuwawa pang'ono wasanduka wabodza.

Esnart: Apa mayi ndikutsutsani pang'ono. Kasitomala amafuna zolimba. Ukaluka mofewa, pakatha sabata ziwiri akubwera kudzadandaula kuti ndalama yake yapita pachabe. Kuwawa kwa masiku awiri n'kwachibadwa, amamwa mankhwala a mutu zatha. Ine ndimalemba kuti zolimba, zokhalitsa, ndipo anthu amabwera.

Nachisale: Esnart, kulimba kwa chingwe ndi kukoka khungu ndi zinthu ziwiri. Chingwe chimalimba ndi mmene zala zikupanira poluka kutsika m'munsi, ndi mmene wagawira meshi mofanana m'magawo atatu. Pamuzu sipafunika kukoka. Ukaona khungu latukuka pafupi ndi chingwe, kapena nsidze zakwera, kapena m'mawa mwake tatuluka tiziphuphu toyera m'mphepete mwa tsitsi ndi kunkhongo, pamenepo wakoka. Munthu akalephera kuweramitsa mutu kapena kuugoneka pa pilo, wakoka. Mankhwala a mutu amangotseka kuwawako, tsitsi likuzukabe. Kasitomala wa Thoko uyu anachokera kumeneko.

Esnart: Ndamva, koma makasitomala anga ena amachita kundiuza okha kuti kokani. Ndikapanda kukoka amapita kwina.

Tiyamike: Ine ndinali mmodzi wa iwo, asisi. Tinakula tikudziwa kuti zikapanda kuwawa ndiye kuti sanaluke bwino. Palibe woluka anandiuzapo kuti n'zotheka kuluka zaukhondo popanda kukoka. Ndikanawerenga pansi pa vidiyo ya wina, ndikanadziwa kale.

Thoko: Ndiye m'malo mwa "sizipweteka" ndilembe chiyani? Chifukwa iyeyo anandiuza yekha kuti aka n'koyamba kumanga zingwe pamwamba tsiku lomwelo.

Chikondi: Lembani zomwezo! "Anazimanga pamwamba tsiku lomwelo." Aliyense amene analukitsapo akudziwa tanthauzo lake. Si lonjezo, ndi zimene zinachitika. Ndipo ngati muli nako kachidutswa akusonkhanitsa zingwe ndi dzanja n'kuzikweza, kaikeni kumapeto kwa vidiyo, mawu ndi chithunzi zigwirizane.

Thoko: Kalipo, ndinakadula kuti vidiyo ifupike. Ndikabwezera.

Nachisale: Bwezera, koma umuuze mwiniyo kuti asazolowere kumanga pamwamba masiku onse. Ndi pamphumi potero, azizisiya zigwe kapena azimanga momasuka kunkhongo.

Chikondi: Chinanso, mahashitagi. Ikani ambiri mmene angalolere, ndi amene amakweza vidiyo. Makamaka `#fyp` ndi `#viral`, musawasiye.

Mphatso: Apa ndiye ndili ndi mawu, alongo. Ine ndinkaika amenewo. Vidiyo ina inaonedwa ndi anthu ambirimbiri, ndemanga zikuchokera kumayiko akutali, koma pampando sipanakhale munthu watsopano ngakhale mmodzi. Wometa ndi woluka safuna dziko lonse, amafuna anthu amene angafike pakhomo pake. Panopa ndimaika atatu kapena anayi, dzina la kametedwe ndi dzina la dera, basi.

Chikondi: Za dera ndikuvomera, ndipo muikenso malo paja pamalembedwa `Add location`. Koma ine ndimaonabe kuti ambiri amathandiza. Vidiyo zathu zimene zinayenda kwambiri zinali ndi mahashitagi ambiri.

Mphatso: Mwina zinayenda chifukwa zinali zabwino. Mungadziwe bwanji?

Chikondi: Sindinayesepo kuika vidiyo imodzi pawiri kuti ndifananize, ndiye tisakangane. Chimene ndikutsimikiza n'chakuti anthu amafufuza polemba dzina la sitayelo mu bokosi lofufuzira, ndipo ambiri amalemba `knotless braids`. Mawu amenewo akhalepo penapake, kaya mu hashitagi `#knotlessbraids` kaya m'chiganizo, kuti wofufuza akupezeni. Zina zonse lembani mmene mumayankhulira ndi makasitomala anu.

Lusungu: Pepani ndalowa mochedwa. Ine funso langa ndi la mapaketi. Ndinalembapo pansi pa vidiyo kuti mapaketi 3, kasitomala anabwera ndi atatu ake ogula yekha, timapaketi tating'ono, tinathera pakati pa mutu. Anakwiya ngati ndamunamiza. Ndiye a Thoko samalani ndi "mapaketi 4" amenewo.

Nachisale: Lusungu wanena zenizeni. Paketi si muyeso. Ina imakhala ndi mtolo umodzi, ina itatu, ina ndi yokoka kale nsonga, ina uyenera kudula ndi kukoka wekha. Ngati meshi umagula ndiwe, ingolemba kuti meshi ndi yathu. Ngati amabweretsa okha, lemba kuti afunse kaye asanagule, uwatumizire chithunzi cha paketi yeniyeniyo. Chimodzimodzi kutalika kwa zingwe. Osalemba mainchesi okha, chifukwa zingwe zofika m'chiuno mwa munthu wamfupi zimathera pamsana pa wamtali. Tchula thupi: m'mapewa, pakati pa msana, m'chiuno. Aliyense amamva.

Thoko: Meshi ndimagula ndine. Nanga mtengo ndiike? Ndikaika vidiyo iliyonse ndemanga zimangokhala "zingati?" "zingati?"

Esnart: Musaike! Mukaika, wa saluni ya pafupi akuona n'kutsitsa wake. Komanso mitu simafanana, wina tsitsi ndi lodzaza, wina amabwera lisanamasulidwe, wina lili ndi mfundu yofuna kuchapa kawiri. Mukalemba mtengo mwadzimanga nokha. Aloleni afunse ku inibokosi, mukacheza nawo m'pamene mumawakopa. Ndiponso ndemanga za "zingati" zimathandiza kuti vidiyo iyende.

Tiyamike: Ine ndikaona "bwerani ku inibokosi" ndimadutsa. Ndimaganiza kuti mtengo amatchula poona nkhope ya munthu. Komanso n'zochititsa manyazi kufunsa, kuuzidwa, kenako n'kungokhala chete chifukwa sungakwanitse. Ndikaona mtengo ndimadziwa ndekha kuti ndisunge kaye kapena ndibwere sabata ino.

Lusungu: Ine ndimalemba kuti "kuyambira pa" kenako mtengo. Zimachepetsa mafunso koma sizikumanga.

Esnart: "Kuyambira pa" ameneyo ndiye amayambitsa mkangano. Kasitomala amangokumbukira nambala, mawu oti kuyambira amawaiwala.

Nachisale: Nonse muli ndi mbali. Ine ndimaika mtengo wa mutu umene uli mu vidiyowo, n'kunena kuti ndi wa kukula uku ndi kutalika uku, kuchapa ndi meshi zili momwemo. Wofuna zing'onozing'ono kapena zofika m'chiuno akudziwa yekha kuti zisintha. Vuto lake ndi limodzi, vidiyo imakhala chaka chathunthu ikuzungulira pomwe meshi yakwera kale. Ndiye ndimalembapo mwezi ndi chaka pafupi ndi mtengowo. Koma sindinganene kuti Esnart akulakwa, alipo oluka abwino amene saika ndipo mipando yawo siikhala yopanda munthu. Thoko asankhe malinga ndi anthu ake.

Chikondi: Pa Instagram mawu a pansi mutha kuwasintha nthawi iliyonse pa `Edit`, ndiye mtengo ukasintha mumangokonza. Pa TikTok musadalire zimenezo, werengani kawiri musanaponye.

Mphatso: Ine ndibwerere ku vidiyo yeniyeniyo, a Thoko aiponya pagulu pano ndaiona. Poyamba mwajambula mkati, kuli kamdima, kasitomala wazyolika. Pomaliza mwajambula panja padzuwa, wadzola zopakapaka, akumwetulira. Anthu amaona zimenezo. Ena adzati kusinthako ndi kwa kuwala ndi zodzola, osati kwa manja anu. Ife ometa timamuimika munthu malo amodzi, foni pamtunda womwewo, poyamba ndi pomaliza.

Thoko: Zodzolazo anadzola yekha titamaliza, amapita kokacheza. Kujambulanso poyamba sikungatheke tsopano.

Mphatso: Sikungatheke inde, ndi za ulendo wina. Koma fyuluta musaikepo, imafufuta mizere, pomwe mizere ndiye ntchito yanu. Ndipo ngati muli ndi kachidutswa ka pafupi koonetsa pamphumi ndi kunkhongo, kaikeni. Woluka mnzanu ndi kasitomala wozindikira amayang'ana pamenepo, osati nkhope.

Chikondi: Ndipo pa chithunzi penipenipo lembanipo mawu awiri okha, "Asanaluke" ndi "Ataluka", chifukwa ambiri amaonera foni ili chete. Muwaike chapakati kapena chakumtunda pang'ono. M'munsi mumakhala dzina lanu ndi mawu a pansi aja, kudzanja lamanja kuli mabatani, zikaphimbana siziwerengeka.

Thoko: Zikomo nonse. Nayi ina:

"Notilesi zapakatikati zofika pakati pa msana, pa tsitsi la masentimita 10 likawongoledwa. Maola 6, kuchapa ndi meshi zili momwemo.
Tsitsi lake la pamphumi linathothoka ndi zoluka zakale, ndiye titsitsi ta kutsogolo sitinatigwire ndipo zingwe za mzere woyamba ndi zopepuka. Anazimanga pamwamba tsiku lomwelo.
Zimakhala masabata 4 mpaka 6, muzigona mutamanga duku losalala.
Kuti mupeze malo, tumizani uthenga pa WhatsApp, nambala ili pa tsamba lathu, mutumizenso chithunzi cha tsitsi lanu."

Kenako mahashitagi atatu ndi dera.

Tiyamike: Iyi ndingabwere nayo. Koma mzere wachiwiriwo, asisi. Mukuuza anthu onse kuti pamphumi pake panathothoka, nkhope yake ikuoneka. Kwa ena chimenecho ndi chinsinsi chachikulu kuposa tsitsi losapesa. Ine mwamuna wanga yemwe sindinkamuonetsa.

Nachisale: Wanena bwino Tiyamike, ine ndinathamangira kukoma kwa mfundoyo. Mufunse mwiniyo mosabisa, umuwerengere mzere umenewo pawokha. Akakana, nena za iwe osati za iye: "Titsitsi ta pamphumi sitikoka, zingwe za kutsogolo timazipepuza." Uthenga wafika, munthu sunamuvule. Ndipo "zoluka zakale" uchotse ngakhale avomere. Amene anamuluka poyamba akhoza kuona, makasitomala ake akumudziwa, zikhala ngati ukumutukwana pagulu.

Lusungu: Mayi, koma ine ndifunse zoona. Munthu pamphumi pothothoka chonchi, kumuluka zingwe zofika pamsana n'koyenera? Ine ndikanamuuza kuti apume kaye mwezi umodzi kapena iwiri, kapena ndimuluke ndi tsitsi lake lokha popanda meshi. Ngakhale zipepuke bwanji, kulemera kulipo.

Nachisale: Funso limenelo ndi lolemera, ndipo sindikutsutsa. Kupuma ndiye kwabwino koposa. Koma ndaona ambiri ukawauza kuti apume amangotuluka n'kulowa khomo lotsatira, kumene akawakoka ngati kale. Ine ndimayang'ana khungu. Ngati pali zilonda, tiziphuphu, kufiira kapena akumva kuwawa ndikakhudza, sindiluka, ndimamuuza akaonane ndi dokotala. Ngati khungu lili bwino ndipo titsitsi tating'ono tikuoneka tikumera, ndimaluka mopepuka ngati mmene wachitira Thoko, ndipo ndimakonda zifike m'mapewa basi. Zofika pamsana pa mutu uwu ine ndikanazifupikitsa.

Thoko: Khungu linali bwino, titsitsi tikumera. Kutalikako anaumirira yekha, poyamba amafuna za m'chiuno, tinagwirizana pamsana. Ndamuuza abwere pakatha masabata 3 ndidzaone mzere wa kutsogolo, ukayamba kulendewera ndidzamasula umenewo wokha n'kulukanso.

Lusungu: Ine ndikanakanabe, koma poti mudzamuonanso, chabwino.

Chikondi: Akadzabwera mudzajambulenso masekondi ochepa, malo omwewo, ngati avomera. Vidiyo za tsiku loyamba aliyense ali nazo, za sabata yachitatu n'zosowa. Ndiye pa mawu a pansi aja, mzere woyamba watalika, udulidwa pa "masentimita". Yesani: "Notilesi zofika pamsana pa tsitsi lalifupi, maola 6." Za masentimita zipite mzere wachiwiri. Amene ali ndi tsitsi lalifupi akangoona mawu amenewo adina yekha kuti awerenge zotsalazo.

Esnart: Koma mwachotseratu chisangalalo chonse. Ngakhale kamtima kamodzi?

Chikondi: Kamtima kaikeni kumapeto kwa mzere, sikalakwa. Kasakhale koyambirira basi.

Thoko: Ndamutumizira kasitomala uja zonse ziwiri, vidiyo ndi mawu ake. Wayankha kuti vidiyo ndiike, nkhope ioneke palibe vuto, koma za kuthothoka ndisatchule, azilamu ake ali pa Instagram. Ndiye ndatenga ya mayi Nachisale ija. Yatsala chonchi:

"Notilesi zofika pamsana pa tsitsi lalifupi, maola 6 🤎
Lake ndi la masentimita 10 likawongoledwa. Titsitsi ta pamphumi sitikoka, zingwe za kutsogolo timazipepuza. Anazimanga pamwamba tsiku lomwelo.
Zimakhala masabata 4 mpaka 6. Kuchapa ndi meshi ndi zathu.
Tumizani chithunzi cha tsitsi lanu pa WhatsApp tikuuzeni tsiku, nambala ili pa tsamba."

Mtengo pa Instagram ndiika ndi mwezi wake, pa TikTok ndisiya kaye ndione mafunso abwera otani.

Mphatso: Mwachotsa za duku?

Thoko: Ndachotsa, zinachulukitsa. Zimenezo ndimawauza ali pampando.

Nachisale: Kachidutswa ka pafupi ka pamphumi kaja, poti wakana kuti zitchulidwe, usakaike. Onetsa kunkhongo ndi pamwamba, mizere ikuoneka bwino kumeneko.

Thoko: Ndakachotsa mayi, ndaika ka kunkhongo. Ndiponya madzulo ano anthu akaweruka.

Esnart: Mudzatiuze ngati a pa Instagram asiya kufunsa "zingati" mtengo uli pomwepo. Anga amafunsabe ngakhale nditalemba pa chithunzi penipeni.